Mwachedwa, Mwalephera Kubwera: Kalembedwe ka Lamulo la Nthawi Losathamangitsa Makasitomala

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

WOWULUTSA: Ino ndi pulogalamu yathu ya amalonda ang'onoang'ono. Lero tikucheza ndi inu amene malonda anu ndi a manja ndi nthawi, anthu oluka tsitsi, atelala oyeza zovala zaukwati, ojambula zithunzi, ophunzitsa ana masana akaweruka kusukulu. Nonsenu mumapangana ndi munthu tsiku ndi ola. Ndiye munthuyo akabwera mochedwa, kapena osabwera n'komwe, mumatani? Ambiri mumangonyinyirika chamumtima, ena mumakalipa, kasitomala n'kupita osabweranso. Njira yabwino ndi kukhala ndi lamulo lolembedwa mwaulemu, limene kasitomala walimva asanapereke ndalama, ndiponso limene limamanga inuyo monga m'mene limamangira iyeyo.

Kuti nkhani isauluke, titenga ntchito imodzi n'kuiyendera bwinobwino. Tiyerekeze mayi woluka tsitsi amene ali ndi kasaluni kake ku Milonde. Mitengo imene nditchule ndi yongoyerekeza, inu muikepo yanu.

Loweruka lina mayiyu walemba anthu atatu. Woyamba ndi wa 7 koloko m'mawa, akufuna maluko ang'onoang'ono a meshi otenga maola asanu, ndiye kuti atha 12 koloko. Mayi apume theka la ola, adye. Wachiwiri ayambe 12:30, maluko ake ndi a maola awiri ndi theka, atha 3 koloko. Wachitatu ayambe 3 koloko, maola awiri, atsirize 5 koloko. Tsiku ladzaza, ndipo mpata umene ulipo ndi theka la ola lija lodyera basi.

Tsopano woyamba uja wafika 8:30. Akuti kabaza anavuta. Mayi woluka, pokhala munthu waulemu, wangoti palibe kanthu, khalani pansi. Tiyeni tiwerenge limodzi. Maola asanu kuchokera 8:30 akutifikitsa 1:30 masana. Wachiwiri wakhala kale pabenchi ola lathunthu. Mayi sadya, ayamba pomwepo, atsiriza 4 koloko. Wachitatu, amene anafika pa nthawi yake, ayamba 4 koloko ndipo atha 6 koloko. M'mwezi wa Juni kuno ku Mulanje dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo kukachita chiperoni mdima umafulumira kuposa apo. Ndiye kuti ola lomaliza mayi akuluka ndi tochi ya foni, mizere ikukhota, ndipo mtsikana wachitatuyo ayenda usiku kubwerera kwawo. Kapena atopa n'kudikira, anyamuka, ndalama yake yapita kwa woluka wina. Munthu mmodzi wachedwa, koma amene alipira ndi awiri osalakwa aja pamodzi ndi mimba ya mwini saluni.

Kuwerengaku ndiko kumabala lamulo. Musakopere chikwangwani chimene munachiona m'saluni ya ku Limbe chonena kuti timadikira mphindi khumi ndi zisanu. Mphindi zodikira zichokere mu mpata umene uli mu tsiku lanu. Mayi wathuyu mpata wake ndi theka la ola, choncho akhoza kudikira munthu mphindi 30 popanda kulakwira wina aliyense. Kupitirira apo, pali njira ziwiri zokha zachilungamo: kuluka maluko ena achidule amene angakwane mu nthawi yotsala, kapena kusankha tsiku lina. Telala amene kuyeza munthu kumamutengera mphindi makumi awiri akhoza kudikira nthawi yaitali, chifukwa podikirapo akusoka. Wojambula ukwati sangadikire chimodzimodzi ngati walonjeza kwina masana. Yense awerenge zake.

Ndipo popangana, tchulani ola la pa wotchi. Mawu oti ndibwera chakum'mawa ndi amene amayambanitsa anthu. Kwa woluka, m'mawa ndi 7 koloko. Kwa mayi amene ayenera kusesa, kutunga madzi ndi kuperekeza ana, 9 koloko ndi m'mawa ndithu, ndipo sakunama. Mukati 7 koloko, mufunseninso kumene akuchokera ndi chimene akwere. Ngati akuchokera kutali ndipo ndi nyengo ya mvula, m'patseni ola la masana, la m'mawa mupatse wapafupi. Kuchedwa kwambiri kumapewedwa pamenepa, lamulo lisanagwire n'komwe ntchito.

[Nyimbo pang'ono]

WOWULUTSA: Tabweranso. Tsopano tikambe za chikole, chimene ena amati dipoziti, chifukwa mikangano yambiri imagona pamenepa.

Tiyerekeze kuti maluko a maola asanu aja mtengo wa manja ndi K25,000, ndipo kasitomala wapempha kuti mayi amugulire meshi ya K10,000 ku Limbuli. Mayi akatenga ndalama yake n'kugula meshi ya mtundu umene kasitomalayo wasankha, munthuyo n'kusabwera, watsala ndi katundu amene mwina wina sadzamufuna, kuwonjezera pa maola asanu opanda ntchito. Choncho chikole chikhale ndi mbali ziwiri, ndipo kasitomala azidziwe zonse. Mbali yoyamba ndi K10,000 ya meshi. Mbali yachiwiri ndi K5,000 yosungira malo, imene idzachotsedwe pa K25,000 ija tsiku lolukalo. Kasitomala apereka K15,000 lero, adzamaliza K20,000 akalukidwa.

Kusiyanitsa mbali ziwirizi n'kofunika chifukwa meshi ndi ya kasitomala zivute zitani. Wadziwitsa nthawi yabwino, wadziwitsa mochedwa, sanadziwitse n'komwe, meshi yake aitenge, anaigula ndi ndalama yake. Chimene chingatsale kwa mwini saluni ndi K5,000 yokha ija. Ine ndimaona kuti woluka amene amadya chikole chonse n'kusunganso meshi sakudziteteza, akulanda. Ndipo kumudzi kuno nkhani yotere ikafika pachitsime, mwataya makasitomala ambiri kuposa mmodzi uja.

Ena afunsa kuti bwanji K5,000 yokha, pamene mayi wataya ntchito ya K25,000. Yankho ndi loti chikole si chobwezera zonse. Ntchito yake ndi kupangitsa munthu kukumbukira kuimba foni. Chikhale chokwanira kuti amve kuwawa kuchitaya, koma chisakule mpaka aope kupangana nanu. Gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa manja ndi poyambira pabwino. M'nyengo zothinana, monga sabata ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala, masiku a chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, kapena Disembala wa maukwati ndi Khrisimasi, mukhoza kukweza, chifukwa malo amodzi mwakanira anthu angapo. Koma munene pamene mukupangana, osati pambuyo.

Nanga kudziwitsa nthawi yabwino ndi liti? M'mizinda amakonda kulemba kuti mudziwitse maola 24 nthawi isanakwane. Mawuwa amafuna masamu, ndipo masamu amabala mtsutso. Ndi bwino kutchula ola lenileni. Mayi wathu anene kuti: mundidziwitse pofika 12 koloko masana dzulo lake. Ngati pangano ndi la Loweruka, malire ndi Lachisanu 12 koloko. Ola limeneli lili ndi chifukwa chake. Likumusiyira masana onse oti aimbire anthu ena amene anawakaniza malo, wina n'kulowa pamenepo. Choncho m'kope lanu mukhale tsamba la anthu odikira, dzina ndi nambala. Popanda tsamba limeneli, ngakhale munthu atakudziwitsani sabata yathunthu, malo aja akhalabe opanda munthu.

Muneneretu njira zodziwitsira zimene mumavomera. Kuimba, uthenga wa pafoni, WhatsApp, zonsezi n'zabwino. Kutuma mwana kapena mnansi ndi mawu n'kovomerezekanso, chifukwa tonse tikudziwa kuti foni imatha moto, magetsi amazima, netiweki imasowa m'zigwa zina. Koma kufulasha si kudziwitsa. Munthu akakufulashani kawiri usiku, simungadziwe ngati akuti sindibwera kapena akuti ndilipo. Muwauze makasitomala kuti ngati alibe mayunitsi afulashe, inu muimba, ndipo uthenga udzawerengedwa mukalankhulana. Inunso mukaona kufulasha kwa munthu amene muli naye pangano, imbani msanga. Mayunitsi a mphindi imodzi ndi otsika mtengo kuposa maola asanu.

Chikole chikabwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musafufute uthenga wake, chifukwa umaonetsa tsiku, nthawi ndi ndalama. Gwirizananinso za ndalama yotapira, kuti alipira ndani, makamaka pobweza. Chikabwera pamanja, lembani m'kope pamaso pake: dzina, tsiku, ola, mtundu wa maluko, ndalama ya meshi payokha, yosungira malo payokha. Mum'patse kapepala kofanana.

[Nyimbo pang'ono]

WOWULUTSA: Pali zifukwa zimene lamulo liyenera kuzigonjera, ndipo zilembedwe m'lamulo momwemo. Choyamba ndi maliro. Zovuta sizipangana ndi munthu, ndipo palibe amene angasiye siwa kuti akalukitse tsitsi. Woluka amene angadye chikole cha munthu woferedwa adzanenedwa m'mudzi monse, ndipo adzanenedwa moyenera. Chachiwiri ndi matenda adzidzidzi, a iye mwini kapena a mwana. Chachitatu ndi mvula yodula njira. Ife a ku Mulanje tikudziwa m'mene mitsinje yochokera m'phiri imadzadzira mwadzidzidzi, ndipo zimene namondwe wa Freddy anachita m'Malichi 2023 sitinaziiwale. Lamulo lanu lisachititse munthu kuwoloka madzi odzadza poopa kutaya K5,000.

Ndikudziwa chimene ena mukunena kunyumbako, kuti anthu azingonamizira maliro. Alipo otero, koma musamufunse munthu umboni wa maliro, n'chipongwe. Njira yake ndi iyi: pa zifukwa zitatuzi chikole sichitayika, chimasamukira ku tsiku lina. Wonama sapindula kanthu, chifukwa ndalama saigwira m'manja, ayenerabe kubwera. Ndipo kope lanu lidzakuuzani ngati munthu mmodzimodziyo wasintha kachitatu. Ameneyo mukhoza kumuuza mwaulemu kuti ulendo uno alipiriretu zonse, kapena azibwera masiku opanda mapangano n'kudikira pamzere.

Tsopano mbali imene amalonda ambiri amaidumpha. Lamulo likumangeninso inu. Ngati kasitomala ataya K5,000 chifukwa chosabwera, nanga inu mukatseka saluni n'kupita ku msika iye atakwera kabaza kudzafika pakhomo panu? Lembani kuti mukalephera ndinu, mubweza chikole chonse tsiku lomwelo ngati akufuna, ndipo ngati anafika kale mumubwezera ya kabaza. Lembaninso kuti mukamudikiritsa kupitirira mphindi 30, ali ndi ufulu wotenga chikole chake n'kupita. Chiganizo chimenechi ndicho chimachititsa munthu kulandira zina zonse popanda kuwawidwa mtima, chifukwa akuona kuti muyeso ndi umodzi.

Dziwaninso kuti ogula ali ndi chitetezo cha malamulo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limalandira madandaulo a ogula. Kulemba pakhoma kuti ndalama ikalowa sibwezedwa zivute zitani si nzeru. Chimene chimakutetezani ndi pangano lomveka, limene munthu analimva n'kuvomera asanapereke ndalama.

Tiyeni tsopano timve lamulo lonse m'mene lingamvekere. Tengani cholembera.

MAWU A MAYI (akuwerenga modekha): Makasitomala athu okondedwa, zikomo potisankha. Mukapangana nafe, nthawi imeneyo timasungira inu nokha, ndipo ena timawabweza. Chonde fikani pa ola limene tagwirizana. Mukaona kuti muchedwa, tiimbireni. Tidzakudikirani mphindi 30. Zikapitirira, tidzakulukani maluko ena okwana nthawi yotsala, kapena tidzasankha limodzi tsiku lina, kuti amene akubwera pambuyo panu asavutike. Ngati simutha kubwera, tidziwitseni pofika 12 koloko masana dzulo lake, ndipo ndalama yosungira malo tidzakubwezerani kapena kuisamutsira tsiku lina, m'mene inu mungakondere. Mukatidziwitsa nthawi imeneyi itapita, kapena osatidziwitsa, ndalama yosungira malo idzatsala kuno. Meshi imene takugulirani ndi yanu nthawi zonse. Pakagwa zovuta, matenda adzidzidzi kapena mvula yodula njira, musade nkhawa, ndalama yanu idzakudikirani tsiku lina. Tikalephera ndife, kapena tikakudikiritsani kupitirira mphindi 30, tidzakubwezerani zonse. Zikomo.

WOWULUTSA: Mwamva kuti mulibe mawu oti chindapusa, chilango, kapena n'zoletsedwa. Mawu amenewo ndi a kubwalo la milandu, ndipo munthu wodzalukitsa tsitsi sanapalamule. Mwamvanso kuti chifukwa chatchulidwa, ndipo chifukwacho si chakuti mwini saluni akufuna ndalama, koma kuti pali mnzanu wina pambuyo panu. Munthu amamvera msanga akauzidwa za mnzake amene ali pabenchi. Komabe ulemu usameze manambala. Mukalemba kuti chonde yesetsani kufika msanga ndi kutidziwitsa nthawi yabwino, mwalemba mokoma koma simunanene kanthu. Mphindi 30, 12 koloko, ndi chimene chichitike pa ndalama, zitatuzi zioneke poyera.

Pepala la pakhoma palokha silikwanira. Si onse amawerenga bwino, ndipo amene amapangana nanu pafoni khomalo saliona. Nenani ndi pakamwa pamene mukulandira chikole, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, m'mene mumalankhulirana masiku onse. Amene ali pa WhatsApp muwatumizire mawu ojambula. Dzulo lake m'mawa, 12 koloko isanakwane, tumizani kauthenga kokumbutsa: mawa 7 koloko ndikukudikirani, ngati pasintha kanthu mundiuze pofika masana. Anthu ambiri osabwera amakhala atangoiwala.

Chovuta chenicheni ndi kulinena lamuloli pamaso pa munthu amene mumamudziwa, amene mumapemphera naye mpingo umodzi. Tamverani kasewero aka. Nthawi ndi 8:30, Loweruka lija.

[Phokoso la njinga yamoto ikuima, chitseko chitseguka]

KASITOMALA: Odi kuno! Achemwali, pepani ndithu, kabaza anandivuta. Tiyeni tiyambe.

MWINI SALUNI: Fikani, achemwali, khalani apa mupume. Mwayenda bwanji? Kunyumba kuli bwino?

KASITOMALA: Kuli bwino, kungoti mayendedwe.

MWINI SALUNI: Pepani. Koma taonani, tinapangana 7 koloko, pano ndi hafu pasiti eyiti. Maluko munasankha aja ndi a maola asanu, ndipo 12:30 ndili ndi mayi wina. Ndikayamba pano, iwo adikira ola lathunthu.

KASITOMALA: Aaa, inu achemwali, ngati sitidziwana? Iwowo adikira pang'ono.

MWINI SALUNI: Tikudziwana, n'chifukwa chake sindikufuna mubwerere chabe. Maola anayi alipo. Ndikulukeni okulirapo pang'ono ndi meshi yomweyi, atha 12:30, ndipo mtengo utsika. Ngati mtima uli pa ang'onoang'ono omwe aja, Lachiwiri m'mawa ndili ndi malo, chikole chanu chipita kumeneko. Musankhe ndinu.

KASITOMALA: Ukwati ndi mawa. Basi, lukani okulirapowo.

[Nyimbo pang'ono]

WOWULUTSA: Mwini saluni walonjera kaye, monga mwa mwambo wathu. Sanafunse ngati nkhani ya kabaza ndi yoona, sanakweze mawu, ndipo sananene kuti inu mumachedwa nthawi zonse. Watchula maola, watchula munthu wina amene akubwera, wapereka njira ziwiri. Taonaninso kuti wochedwa amene wafika sanataye chikole. Ndalama yosungira malo imatayika kwa amene sanabwere kapena wadziwitsa mochedwa. Amene wavutika kufika pakhomo panu, ngakhale mochedwa, musamulange kawiri.

Za abale, alamu ndi akazi a mfumu, ndinene mosabisa. Mukamukhululukira mmodzi pamaso pa ena, lamulo latha tsiku lomwelo, chifukwa wotsatira adzati nanga uja bwanji. Ngati mukufuna kuchitira m'bale chifundo, mulukeni Lamulungu masana pakhonde panu, kunja kwa kope. M'kope, onse ndi ofanana.

Mudzadziwa bwanji kuti lamulo lanu lalakwika? Kope lidzakuuzani pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati anthu asiya kupangana nanu n'kumangobwera mwamwayi, chikole chakula, chitsitseni. Ngati akutayabe chikole mosadandaula, chachepa. Ngati ochedwa ambiri ndi a 7 koloko, vuto si anthu, ndi olalo. Yambani 8 koloko, ndipo Loweruka mulembe anthu awiri m'malo mwa atatu. Ngati mikangano ikubuka pa mawu oti simunandiuze, ndiye kuti mukudalira khoma m'malo mwa pakamwa.

Mawu amodzi omaliza ochenjeza, kuti wina asamve molakwa. Zimene takambazi ndi za malonda. Si za kuchipatala. Ngati munapatsidwa tsiku ku chipatala cha Milonde kapena china chilichonse, la sikelo ya amayi oyembekezera, la katemera wa mwana, kapena lokatenga mankhwala, ndipo tsikulo lakudutsani, musakhale pakhomo poopa kuti mwaphonya. Pitani msanga m'mene mungathere.

Kwa inu amalonda, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tengani kope, lembani maola a Loweruka lanu likubwerali, muone mpata umene ulipo, ndipo kuchokera pamenepo mulembe mphindi zanu zodikira, ola lanu lodziwitsira ndi chikole chanu. Mukatero muliwerengere kasitomala mmodzi wokhulupirika, mumufunse ngati likumveka mwaulemu, musanalipachike pakhoma.

[Nyimbo yotsekera]